Nzimbe n'zofanana, ana a mbuzi imodzi ayi: maitosisi ndi meyosisi

"Aphunzitsi, ndili Folomu 4 kuno ku Bangula. Magawo a maitosisi ndi meyosisi ndinaloweza, koma akandipatsa chithunzi sinditha kudziwa kuti ichi n'chiti. Komanso sindimvetsa chifukwa chake mabuku amati meyosisi ndi imene imasiyanitsa ana. Nzimbe zodula pa phesi limodzi zimamera zofanana, koma mbuzi yathu inaswa awiri tsiku limodzi, wina wakuda wina wamawanga. Zimatheka bwanji?"

Mphwanga, yamba wasiya kaye kuloweza, utenge tizingwe. Pezani tinayi: tiwiri titalititali, tiwiri tifupitifupi. Katali kamodzi ndi kafupi kamodzi tikhale tofiira, tinato takuda. Tizingweti ndi makoromozomu a selo yongoyerekeza, tinthu tonyamula majini amene mwana amatengera kwa makolo ake. Tofiira n'tochokera kwa mayi, takuda kwa bambo. Katali kofiira ndi katali kakuda n'tolingana: tili ndi majini a zinthu zofanana pa malo ofanana, kungoti zimene majiniwo akunena zikhoza kusiyana, kena kakuti ubweya ukhale wakuda, kena kakuti ukhale wamawanga. Selo ya munthu ili ndi makoromozomu 46, kutanthauza magulu 23 a awiriawiri otere. Ya mbuzi ili ndi 60, ya chimanga 20.

Maitosisi ndi meyosisi ndi njira ziwiri zimene selo imagawikira. Selo isanagawike mwa njira iliyonse, imayamba yakopera koromozomu iliyonse. Nthawi imeneyi imatchedwa intafezi. Ndiye pa kachingwe kalikonse wonjezerapo kanzake kofanana nako ndendende, utimange pakati kuti tioneke ngati X. Manja awiri a X ameneyu ndi makoromatidi. Ophunzira ambiri amagwa pomwepa, poganiza kuti makoromozomu tsopano akwana asanu ndi atatu. Akadali anayi. Malinga ngati makoromatidi awiriwo ali omangidwa pakati, timawerenga koromozomu imodzi.

Maitosisi siichedwetsa munthu. Mu polofezi makoromozomu amafupika n'kunenepa mpaka kuoneka pa maikulosikopu, chikopa cha nyukiliyasi, momwe mumakhala makoromozomuwo, n'kuphwasuka. Mu metafezi ma X anayi aja amandanda pakati pa selo mzere umodzi, aliyense payekha, wofiira osasamala za wakuda. Mu anafezi pomangira paja pamamasuka, timaulusi ta m'selo n'kukoka koromatidi imodzi kupita uku ina uko. Mu telofezi mbali iliyonse imakutidwa ndi chikopa chake, selo n'kuduka pawiri. Werenga tizingwe tako: mbali iliyonse ili ndi katali kofiira, katali kakuda, kafupi kofiira, kafupi kakuda. Maselo awiri atuluka, ofanana ndi kholo lawo.

Nzimbe za ku Nchalo zimachulukana motero. Akakwirira kapesi, diso la pa mfundo limaphuka mwa maitosisi yokhayokha, ndipo phata lonse limene lituluke ndi nzimbe yomwe ija. Kholowa wa mbatata amene amabzalidwa m'madimba madzi akaphwa ndi chimodzimodzi. Ukaona nzimbe za mbewu imodzi zina zonenepa zina zoonda, funsa za madzi, mchere wa m'nthaka kapena matenda. Majini ndi omwewo, kupatula kalikonse kamene kangalakwike pokopera, zomwe sizichitika kawirikawiri.

Meyosisi imachitika malo ochepa: m'machende a tonde, m'matumba a mazira a mbuzi yaikazi, ndipo pa chimanga mu ngayaye momwe mumapangidwa mungu ndi mu chisononkho chanthete momwe mumapangidwa mazira. Selo imakopera makoromozomu kamodzi koma imagawika kawiri, n'chifukwa chake chiwerengero chimatsika ndi theka. Zikanapanda kutero, umuna wa makoromozomu 60 ukanakumana ndi dzira la 60, kamwana n'kukhala ndi 120, mdzukulu 240.

Nkhani yonse yagona pa kugawika koyamba, ndipo apa ndi pamene ndikufuna uchedwepo.

Mu polofezi yoyamba mumachitika chinthu chimene mu maitosisi mulibe. X wamtali wofiira amafunafuna X wamtali wakuda, n'kugona naye phande ndi phande, jini moyang'anizana ndi jini inzake. Afupiafupi nawonso amatero. Chita zimenezi patebulo, uona kuti tsopano uli ndi mitolo iwiri, uliwonse wa makoromatidi anayi. Ali chigonere choncho, koromatidi imodzi yofiira ndi imodzi yakuda zimaduka pa malo ofanana n'kusinthana zidutswa. Tenga sizasi, dula kunsonga kwa dzanja limodzi lofiira ndi limodzi lakuda, usinthanitse, umange. Pamene zapingasana pamaoneka ndithu pa maikulosikopu, ndipo pamatchedwa kayazima. Nthawi zambiri gulu lililonse limasinthana penapake kamodzi kapena kuposa apo, ndipo malo odukira sakhala amodzimodzi selo iyi ndi inzake.

Taona tsopano X wofiira uja. Manja ake salinso ofanana. Limodzi ndi lofiira lonse, lina ndi lofiira lakuda kunsonga. Koromatidi yosakanizayi mayi ake a mbuziyo analibe, bambo ake analibenso. Yapangidwa lero.

Mu metafezi yoyamba mitolo ija imandanda pakati pa selo, koma awiriawiri, mizere iwiri moyang'anizana. Palibe lamulo loti ofiira onse ayang'ane mbali imodzi. Gulu lililonse limaima mwa lokha. Ika wamtali wofiira kumanzere, wakuda kumanja. Afupiwo ungawaike wofiira kumanzere, kapena wakuda kumanzere. Mu anafezi yoyamba amene amasiyana ndi wofiira ndi wakuda, X aliyense amapita ali wathunthu, pomangira paja osamasuka. Choncho selo imodzi ingalandire wamtali wofiira ndi wamfupi wofiira, kapena wamtali wofiira ndi wamfupi wakuda, kapena wamtali wakuda ndi wamfupi wofiira, kapena akuda onse. Njira zinayi pa magulu awiri okha.

Gulu lililonse lowonjezera limachulukitsa njirazi kawiri. Chimanga chili ndi magulu 10, ndiye 2^10, njira 1,024. Munthu ali ndi magulu 23, ndiye 2^23, njira 8,388,608. Mbuzi yanu ili ndi magulu 30, njira zoposa 1 biliyoni za dzira limodzi, ndipo tonde nayenso ali ndi zake zochuluka chomwecho. Apatu sitinawerengere kusinthana zidutswa kuja, kumene kumachititsa kuti ngakhale "wofiira" asakhale wofiira yense. Ana awiri a mimba imodzi nthawi zambiri amachokera ku mazira awiri ndi maselo a umuna awiri, ndipo n'chifukwa chake sayenera kufanana kuposa ana obadwa zaka zosiyana. Mapasa ofanana nkhope amachokera ku dzira limodzi lomwe linagawika litakumana kale ndi umuna, ndiye kugawika kumeneko ndi maitosisi.

Kugawika kwachiwiri ndingokudutsa, chifukwa kumayenda ngati maitosisi. Palibe kukoperanso. Selo iliyonse ili ndi ma X awiri, amandanda mzere umodzi, pomangira pamamasuka, makoromatidi n'kusiyana. Pamatuluka maselo anayi, iliyonse ndi kachingwe katali kamodzi ndi kafupi kamodzi. Yala milu inayi yako uone ngati pali iwiri yofanana. Kwa wamwamuna maselo onse anayi amakhala umuna. Kwa wamkazi imodzi yokha ndiyo imakhala dzira, enawo amatsala ang'onoang'ono n'kutha.

Pa chithunzi cha mayeso usayambe ndi kuganiza dzina la gawo. Yamba wapeza kuti selo yoyambirira inali ndi makoromozomu angati, kenako uone zimene zandanda kapena zimene zikukokedwa. Tinene kuti inali ndi anayi. Ukaona ma X ali awiriawiri mizere iwiri, ndi metafezi yoyamba ya meyosisi, palibenso ina. Ukaona anayi mzere umodzi ndi maitosisi, awiri okha mzere umodzi ndi metafezi yachiwiri. Zikakhala kuti zikukokedwa, ona maonekedwe ake. Ma X athunthu akupita uku ndi uko, imeneyo ndi anafezi yoyamba. Akakhala a dzanja limodzi opindika ngati V, werenga mbali imodzi: anayi ndi maitosisi, awiri ndi anafezi yachiwiri. Ndimaona kuti matebulo a m'manotsi oyerekeza maitosisi ndi meyosisi amathandiza pang'ono pa funso lotere, chifukwa amangonena za maselo awiri ndi maselo anayi a kumapeto, pomwe chithunzi chimakuonetsa pakati pa ulendo.

Pali malire amene uyenera kuwadziwa. Meyosisi siipanga jini yatsopano, imangosakaniza zimene zilipo. Chimanga cha haibulidi chimaonetsa izi bwino. Opanga mbewu amatenga mtundu wa chimanga n'kumaupatsa mungu wake womwe mibadwo ingapo, mpaka wofiira ndi wakuda m'gulu lililonse akhale pafupifupi ofanana. Mu chimanga chotere meyosisi imachitika ndithu, zidutswa zimasinthanitsidwa, koma ukasinthanitsa zofanana palibe chosintha, mungu wonse umatuluka umodzimodzi. Akakwatitsa mitundu iwiri yotere, mbewu zonse zimalandira zofanana kuchokera uku ndi uko, ndipo munda umatuluka wolingana msinkhu, ngayaye n'kumasula nthawi imodzi. Koma mu phesi lililonse la haibulidiyo wofiira ndi wakuda ndi osiyana kwambiri. Mlimi akasunga zokolola n'kubzalanso, njira 1,024 zija zimayamba kugwira ntchito, m'munda mumamera chachitali ndi chachifupi, chocha msanga ndi chochedwa, zokolola n'kutsika. Alangizi akamati mbewu ya haibulidi isabwerezedwe, chifukwa chake ndi chimenechi.

Kugawikaku kumalakwikanso. Nthawi zina gulu limodzi limakana kusiyana mu anafezi yoyamba, wofiira ndi wakuda n'kupita mbali imodzi. Yesa ndi afupi aja: selo imodzi itenga afupi awiri, inayo itsala yopanda. Zikachitika pa koromozomu nambala 21 ya munthu, dzira limakhala ndi makoromozomu 24, ndipo likakumana ndi umuna wa 23 mwana amakhala ndi 47. Ili ndi vuto lobadwa nalo limene madokotala amalitchula ndi dzina la Down, ndipo zoti gwero lake ndi koromozomu yowonjezerayi zinadziwika mu 1959. Limachulukirapo mayi akamakula, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mazira a mtsikana amayamba meyosisi iye asanabadwe, n'kuima mu polofezi yoyamba kudikira. Dzira limene likutuluka mayi ali ndi zaka 40 lakhala ndi mitolo yake ili chigwirane zaka zonsezo, ndipo zomangira zake zimafooka. Si mankhwala, si kuti mayi anadya choletsedwa, ndipo zimachitikanso kwa amayi achitsikana. Pa makoromozomu ena ambiri kulakwika kotere kumachititsa kuti mimba ichoke m'miyezi yoyambirira.