Ndisanakulembereni mawu a pamaliro, ndiuzeni kuti "achimwene" ndi ndani

"Bambo, pepani kukuvutitsani. Achimwene atisiya kuno ku Joni, ndiye andiuza kuti ndikalankhule Loweruka. Ine sindinayambe ndalankhulapo pagulu. Chonde ndilembereni mawu abwino, okhudza mtima, oti ndikanene."

Pepani kwambiri ndi zovuta zakugweranizi. Kuferedwa kuchilendo n'kowawa pawiri, chifukwa misozi isanaume mumakhala mwayamba kale kuthamangira mapepala ndi ndalama za galimoto. Ndikuthandizani ndithu, koma sindinalembe kanthu, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake. Nditati ndilembe lero lomwe, ndingolemba kuti malemu anali munthu wabwino, wokonda anthu, wolimbika pantchito, ndipo atisiyira chisoni chachikulu. Mawu amenewo angakwane pabokosi la munthu aliyense. Anthu adzakumverani mwaulemu, koma palibe amene adzaonamo nkhope ya m'bale wanuyo.

Tiyambe ndi liwu loti "achimwene". Inu mukudziwa kuti kuno ku Joni liwuli ndi lotambasuka. Achimwene akhoza kukhala a bere limodzi, akhoza kukhala mwana wa amayi aakulu, mnzanu wa mudzi umodzi, kapena munthu amene anakakulandirani ku Park Station tsiku lomwe munatsika basi, n'kukugonekani pansi m'chipinda chake miyezi itatu mpaka mutapeza ganyu. Onsewa timawaitana chimodzimodzi, koma pamaliro sitiwalira ndi mawu ofanana.

Izi ndinaziphunzira mopweteka. Zaka zingapo zapitazo mnyamata wina anandipempha monga mwapemphera inumu, ine osafunsa, ndinangolemba ngati kuti malemu ndi mkulu wake weniweni. Ndinaikamo mawu akuti "ife a pabanja tikuthokoza", n'kuwonjezanso kuti "ana amene watisiyirawa tiwalera". Mnyamatayo anawerenga zonse mokhulupirika ku Diepsloot, anthu atadzaza pabwalo. Chonsecho iye anali mnzake wa malemu wa kuntchito. Mng'ono weniweni wa malemu anakhala chete patsogolo, mutu uli pansi. Wina anajambula pafoni, ndipo dzuwa lisanalowe kanemayo anali atafika kumudzi. Amalume a malemu anaimba foni kufunsa kuti kodi amene akulonjeza kulera ana a mbumba yawoyu ndi ndani, nanga wamutuma ndani. Mnyamatayo anachita manyazi pa cholakwa chomwe chinali changa, ndipo mpaka pano chimandiwawa. Chiyambire tsiku limenelo sindilemba ndisanafunse.

Ndiye funso loposa onse ndi ili: wakutumani kulankhula ndi ndani, ndipo mukaimirira m'malo mwa yani? Pamaliro athu munthu salankhula za kumutu kwake, amalankhula pa udindo. Woimira banja ndiye amanena mbiri ya malemu, amafotokoza mmene matenda anayendera, amathokoza amene anathandiza, n'kulengeza za ulendo wa thupi ndi tsiku loika. Woimira gulu lathandizo la maliro, lija timasonkha mwezi ndi mwezi, amanena za chipepeso: zasonkhedwa zingati, zapita kuti, zatsala zingati. Wa mpingo ali ndi gawo lake. Mnzake wa malemu gawo lake ndi laling'ono koma lokoma kuposa onse, chifukwa ndi iye yekha amene angauze anthu mmene malemu ankakhalira kuno, zimene a kumudzi sanazione. Mukalowa m'munda wa mnzanu, mwina mubwereza zimene zanenedwa kale, mwina mulengeza chinthu chimene eni mbumba sanagwirizane.

Mundiuzenso kumene mwambo wa Lowerukawo ukachitikire. Ngati ndi wotsanzikana kuno thupi lisananyamuke, omvera anu ndi anzake a malemu, oyandikana nawo nyumba, mwina ndi abwana ake. Koma ngati inu muli m'gulu loperekeza maliro, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza, ndiye kuti mawu anu ndi ena. Kumudzi mukaima pamaso pa anyakwawa ndi amalume monga munthu amene wabweretsa mwana wawo, ndipo chimene akuyembekezera kwa inu si chitamando. Akufuna kumva kuti anayamba liti kudwala, munamutengera kuchipatala liti, anamwalira tsiku lanji, panali ndani pambali pake, ndipo katundu wake ali kuti. Mawu amenewo amafuna dongosolo ndi masiku olondola.

Tsopano za malemu eni ake. Ndikufuna dzina lawo lonse, komanso dzina limene anthu ankawadziwa nalo kuno, poti ambiri a ife tili ndi dzina la kumudzi ndi lina la kuntchito. Ndikufuna mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, chaka chobadwa, chaka chomwe anabwera ku Joni ndi ntchito imene ankagwira. Izi musazilote. Imbirani munthu wamkulu wa kubanja akuuzeni, chifukwa kulakwitsa dzina la mudzi wa munthu pamaliro ake anthu sakuiwala.

Pali ziwiri zimene muyenera kufunsa a banja mosabisa musanatsegule pakamwa. Choyamba ndi cha akazi ndi ana. Tisanamizane, alipo abale athu amene ali ndi banja kumudzi ndi lina kuno. Mukanena kuti "asiya mkazi ndi ana atatu" pomwe mayi wina wakhala pomwepo ndi khanda kumsana, mwamubaya. Mukatchula onse popanda chilolezo, mwayatsa moto kumudzi. Ngati a banja sanamange chimodzi, inu nenani kuti "asiya banja ndi ana", osapereka chiwerengero. Chachiwiri ndi cha imfayo. Ngati inali ngozi ya pamsewu kapena anachitidwa chipongwe ndi achifwamba, kapena anadwala matenda amene iwo sankafuna kuti adziwike, a banja ndiwo anene mawu oti mugwiritse ntchito. Nthawi zambiri "anadwala kwa nthawi yochepa" kapena "anatisiya mwadzidzidzi" zimakwana. Pamaliro si poweruzira mlandu, ndiponso si ponenera amene mukumukayikira.

Mwapempha mawu okhudza mtima. Chimene chimakhudza mtima si kukometsera Chichewa ayi, ndi kanthu kamodzi koona kamene malemu ankachita, koti anthu akamva agwedeze mutu n'kunena kuti eya, ndi yemweyo. Musandiuze kuti anali wachifundo. Ndiuzeni tsiku limene munaona chifundocho, kunali kuti, ananena chiyani. Kamvekedwe ka mawuwo kadalira msinkhu wawo ndi mmene apitira. Gogo wa zaka 80 amene waona zidzukulu mukhoza kumukumbukira ndi kankhani koseketsa pang'ono, anthu n'kupepukidwa mtima. Mnyamata wa zaka 28 amene wafa mwadzidzidzi, mayi ake akumvera pafoni kumudzi, nthabwala ayi. Ndiuzeninso chipembedzo chawo. Ngati anali Msilamu, mwambo umafulumira ndipo umatsogozedwa ndi ashehe, choncho afunseni kaye ngati pali mpata wolankhula, ndipo musatengere mavesi ndi nyimbo za kutchalitchi kumeneko.

Za kutalika, funsani woyendetsa mwambo kuti akupatsani mphindi zingati. Akapanda kunena, konzekerani zitatu. Ine ndinadziyesa ndi wotchi: ndikamawerenga Chichewa modekha monga timachitira pamaliro, mphindi imodzi imanditengera mawu pafupifupi 80 kapena 90. Ndiye mphindi zitatu ndi mawu ngati 250, osapitirira tsamba limodzi lolemba pamanja. Ngati pakhala abwana kapena oyandikana nawo osamva Chichewa ndipo wina azimasulira m'Chingerezi kapena m'Chizulu, nthawi imawirikiza, choncho dulani mawuwo pakati. Kumbukiraninso kuti patsiku lonyamuka galimoto imakhala ikudikira, ndipo kutsogolo kuli ulendo wa masiku awiri ndi zipata zitatu.

Kuti muone kusiyana kwake, tiyerekeze kuti mwandiyankha motere: malemu sanali m'bale wanu wa magazi koma wa mudzi umodzi, anali ndi zaka 46, ankagwira ntchito ya m'dimba ku Randburg, anali Mkhristu, anadwala milungu iwiri, ndipo a banja akupemphani kuti mulankhule mphindi ziwiri m'malo mwa anzake. Ndikhoza kulemba chonchi:

"A banja, atsogoleri a mpingo, akuluakulu a gulu lathu, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Ine ndaima m'malo mwa anzawo a malemu. Si ine wa bere limodzi nawo, koma ndinkawaitana achimwene, ndipo ankavomera. Nditafika kuno ndinalibe pogona. Iwo anandiyalira katoni ndi bulangete lawo limodzi, eni ake n'kufunda jekete, mwezi wa Juni kukuzizira. M'mawa uliwonse ankandidzutsa mdima usanathe, amvekere, 'Dzuka mphwanga, ganyu sapeza munthu ali m'tulo.' Ambiri amene mwakhala panonu munagonapo pa katoni yomweyo. Lamlungu likafika ankaphika nsima yambiri ngati kuli alendo, chifukwa ankadziwa kuti wina agogoda. Kwa inu a banja, pepani. Tikufuna mudziwe kuti mwana wanu kuno sanali yekha, ndipo pamene ankadwala tinali naye. Achimwene, munatilandira, lero ndife tikukuperekezani. Muuse mumtendere."

Taonani zimene mulibe m'mawu amenewa. Mulibe dzina la matenda, mulibe chiwerengero cha ana, mulibe lonjezo la ndalama kapena la kulera ana, chifukwa zonsezo si za mnzake. Muli katoni, jekete ndi mawu amene malemu ankakonda kunena. Zinthu zitatuzo sindingazipeke ine. Zili ndi inu.

Ngakhale pakanakhala paukwati ndikanafunsa zomwezi. Nkhoswe salankhula ngati mnzake wa mkwati, ndipo nthabwala yomwe ingaseketse anyamata ikhoza kukwiyitsa apongozi amene akwera basi kuchoka ku Mzimba kudzaona mwambowo.

Poti mwati simunalankhulepo pagulu, mawuwo tikawamaliza muwalembe ndi zilembo zikuluzikulu papepala, osati pafoni, chifukwa foni imazima kapena kulira pakati pa mawu ndipo chala chonjenjemera chimasokoneza mzere. Muwawerenge mokweza katatu kunyumba. Pamene mwaona kuti pakhosi pakutsekeka, ikani chizindikiro, ndipo mukadzafika pamenepo mudzaime, mupume, anthu adzakudikirani. Pepala lachiwiri mupatse mnzanu amene adzaime pafupi nanu, kuti misozi ikakugonjetsani iye adzamalize.

Ngati kulemba zonsezi kukulemerani panthawi ino, musavutike nako. Imbirani kaye wamkulu wa kubanja za akazi, ana ndi imfayo, kenako munditumizire uthenga wa mawu pa WhatsApp, mungolankhula za achimwene anuwo monga mukucheza ndi ine pakhonde. Ukandipeza pofika Lachinayi madzulo, Lachisanu m'mawa mudzakhala ndi tsamba lanu.