Mapepala 43 mu foni, koma abwino ndi ati?

"Asisitala, ndili chaka chomaliza cha unamwino ndipo ndikulemba ndemanga ya kafukufuku amene ena anachita kale pa njira ya kangaru, yoika ana obadwa masiku asanakwane pachifuwa pa amayi awo khungu ndi khungu. Ndatsitsa mapepala 43 pa Google koma supavaiza wanga akuti ambiri ndi zinyalala. Kodi abwino ndingawadziwe bwanji?"

Achemwali, mwanditokosa pachilonda. Ine zinandichitikira ndili wamkulu kale, nditagwira m'mawodi zaka zingapo n'kubwereranso kusukulu. Ndinkatuluka naiti, kukwera minibasi ya ku Ndirande, kugona maola atatu, kenako kukhala pamkeka ndi kompyuta yobwereka mpaka batire lithe. Pepala lililonse lomwe mutu wake unkandigwirizana ndinkalitsitsa, ndikumadandaula ndi bando yokha basi. Nditawapititsira ntchito amayi amene ankandiyang'anira, sanawerenge ngakhale tsamba loyamba. Analoza pepala limodzi pamndandanda wanga n'kufunsa kuti, "Ameneyu anafufuza anthu angati, ndipo anawasankha bwanji?" Ndinangoti kakasi. Ndinali nditawerenga chidule chokha, kandime kapamwamba kaja kolembedwa Abstract, ndipo apo n'kuti nditalitchula pepalalo kanayi konse. Titatsegula limodzi tinapeza kuti anthu ake anali ochepa kwambiri, onse ongodzipereka okha, ndipo jenala yake inali ya aja amasindikiza chilichonse bola wapereka ndalama. Pofika pa Ginnery Corner misozi inali ili mbwembwembwe, manyazi ndi tulo pamodzi.

Ndiye supavaiza wanu musamukwiyire. Google sisiyanitsa mpunga ndi mankhusu, imangokupatsani zomwe anthu ambiri amatsegula. Komanso akakufunsani kuti mapepalawo munawapeza bwanji, "ndinangosaka" si yankho. Munthu wina ayenera kulemba mawu omwewo pamalo omwewo n'kupeza zomwe inu munapeza.

Yambirani pa PubMed, tsamba la pa intaneti losakirapo mapepala a kafukufuku wa zaumoyo, ndi yaulere. Funso lanu liduleni zigawo: ana ake ati, akuwachita chiyani, kuti. Chigawo chilichonse chikhale ndi mawu onse amene olemba angagwiritse ntchito, olumikizidwa ndi OR, ndipo zigawozo muzimange ndi AND:

```
("Kangaroo-Mother Care Method"[Mesh] OR kangaroo[tiab] OR "skin-to-skin"[tiab])
AND (preterm[tiab] OR "low birth weight"[tiab])
AND (Malawi[tiab] OR "Africa South of the Sahara"[Mesh])
```

Kachizindikiro ka [tiab] kakutanthauza kuti mawuwo afunidwe pamutu ndi m'chidule, pomwe [Mesh] ndi dzina lokhazikika limene pepala limapatsidwa malinga ndi nkhani yake. Muzigwiritsa zonse ziwiri, chifukwa pepala longotuluka kumene nthawi zina limakhala lisanapatsidwe dzinalo. Zikatuluka zochepa kwambiri, chotsani mzere wachitatuwo. Ndipo lembani m'kope tsiku, mawu amene munalemba ndi nambala ya zomwe zatuluka. Ine kope limeneli ndinalibe, n'chifukwa chake ndinayambiranso pachiyambi.

Pepala likakufunsani ndalama, musathamangire kulisiya. Pitani kwa a laibulale mukafunse za Hinari, njira imene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002 kuti masukulu ndi zipatala za m'mayiko ngati lathu ziziwerenga majenala odula. A laibulale timawaderera, timangowaona ngati anthu otiuza kuti tisasokose, chonsecho ndi iwo amene amadziwa kusaka kuposa tonsefe. Malawi Medical Journal nayo ndi yaulere, ndipo za kwathu kuno zambiri zili m'menemo.

Tsopano tiyeni titsegule pepala limodzi labwino, kuti diso lizolowere. Mu 2021 New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa WHO wa kuyamba kangaru mwana akangobadwa, osadikira kuti ayambe wakhazikika. Anachitikira m'zipatala zisanu za ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, ndipo cha kuno chinali chathu chomwechi cha Gulupu. Ana anali 3,211, olemera kuyambira kilogalamu 1.0 mpaka 1.799. Anawagawa pawiri mwa mayere, osati namwino kuyang'ana mwana n'kunena kuti uyu akuoneka wamphamvu, apite uku. Mfundo imeneyi ndiyo mtima wa nkhani. Tonse tikudziwa kuti m'wodi mwana wodwalika ndi amene amatsala mu inkyubeta, wamphamvu n'kupita pachifuwa pa mayi ake. Wina akangowerengera m'mafaelo n'kupeza kuti a kangaru anapulumuka ambiri, simungadziwe ngati yawapulumutsa ndi kangaru kapena anali amphamvu kale. Mayere amathetsa vuto limenelo.

Pofika masiku 28, mwa ana 100 alionse a kangaru woyambirira anamwalira 12.0, pomwe gulu linalo, lodikira kuti mwana ayambe wakhazikika, anamwalira 15.7. Mudzamva anthu akuti imfa zinatsika ndi 25 pa 100, ndipo sakunama, koma inu polemba ikaninso manambala awiriwo: kusiyana kwake ndi ana pafupifupi 4 pa 100 alionse. Pa imfa za m'maola 72 oyamba, kusiyana kunali kochepa moti kukanatha kungokhala mwayi, ndipo olembawo ananena zimenezi poyera. Pepala losabisa pomwe silinapeze kanthu ndimalikhulupirira msanga.

Koma ngakhale lotereli lili ndi malire ake. Silikunena kanthu za mwana wosakwana kilogalamu imodzi. Ana a gulu loyamba ankakhala khungu ndi khungu pafupifupi maola 17 patsiku, chifukwa mayi kapena wachibale anali ndi pokhala m'chipinda cha ana odwalika momwemo. Ndiye musalembe kuti zotsatira zomwezo zidzaoneka pa chipatala chaching'ono cha kumudzi pomwe namwino ali yekha usiku ndipo mayi akugona pansi. Apa ndi pomwe ndimakangana ndi ophunzira ambiri: amaganiza kuti kuunika pepala ndi kulipezera zifukwa. Ayi, ndi kunena kuti likuyankha funso liti, kwa anthu ati.

Nanga 43 anu aja?

Asanjeni pa tebulo limodzi, pepala lililonse mzere wake: chaka, malo, mtundu wa kafukufuku, anthu angati anayamba, angati anafika kumapeto. Zonsezi zili pansi pa Methods ndi Results, ndiye yambirani kumeneko, chidule muwerenge pomaliza. Tiyerekeze analemba amayi 80 koma pomaliza akukamba za 50: ena 30 aja ali kuti? Mwina ndi omwe ana awo anamwalira n'kubwerera kumudzi. Pepala likakhala chete pamenepo, lembani kuti lakhala chete.

Musataye pepala chifukwa choti anacheza ndi amayi 15 okha. Ngati funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani amayi amasiya kangaru akafika kunyumba, mayere sangakuyankheni, akuyankhani ndi mayi wa ku Bangwe amene akuyenera kukatunga madzi mwana ali pachifuwa. Pepala lotero liyeseni ndi muyeso wake. Bungwe la CASP lili ndi mafomu aulere ounikira mapepala, ina ya kafukufuku wa mayere, ina ya wocheza ndi anthu, musasokoneze. Dzina la jenala lifufuzeni pa PubMed kapena pa DOAJ, mndandanda wa majenala owerenga mwaulere. Likasowa konseko, ndipo patsamba loyamba palembedwa kuti pepala linalandiridwa Lolemba n'kuvomerezedwa Lachinayi la sabata yomweyo, limenelo ndi m'bale wake wa langa lija.

Mukamaliza tebulo, mupite nalo kwa supavaiza pamodzi ndi kope, ndipo pa lililonse lomwe mwataya mulembe chifukwa chake pambali. Akafunsa kuti anthu anali angati, mungoloza ndi chala.