Kufupikitsa ziganizo osadula ulusi wa "chifukwa"

Wowerenga wina wandilembera kuti: "Ndimalemba malipoti kuntchito, ndipo abwana amafuna kuti azikhala aafupi. Koma ndikaphatikiza ziganizo zitatu kapena zinayi kukhala chimodzi, amandibwezera akuti sizikumvekanso kuti chinayambitsa chinzake n'chiti. Kodi ndimalakwitsa pati?"

Zikomo polemba. Lipoti lanu sindinalione, koma ndikhoza kulosera kuti mawu amene mumayamba kufufuta ndi aang'onoang'ono aja: chifukwa, choncho, motero, popeza. Amaoneka ngati sakunyamula nkhani, ndiye munthu amasunga mayina ndi aneni n'kutaya alumikizi. Chonsecho alumikiziwo ndi amene amauza wowerenga kuti ichi chinabala icho. Tiyeni tione ndi chitsanzo, chifukwa nkhani imeneyi pongoifotokoza siimveka bwino.

Tinene kuti mwalemba ziganizo zinayi izi:

Mvula inagwa kwambiri usiku wonse. Mtsinje unasefukira n'kukokolola mlatho. Chifukwa cha zimenezi, galimoto yonyamula mankhwala inalephera kuwoloka. Chipatala chinakhala masiku atatu chopanda mankhwala.

Musanakhudze liwu lililonse, lembani pambali mmene zinthuzi zinatsatirana: mvula, kusefukira, mlatho, galimoto, kusowa kwa mankhwala. Zilipo zisanu, ndipo chilichonse chinachititsa chotsatira chake. Ndiye kuti pali mfundo zinayi zomangirira, ngati mfundo za pachingwe. Chiganizo chanu chachifupi sichingatchule zonse, koma sichiyenera kuduka penapake.

Ambiri amayamba ndi ichi: "Mvula inagwa, mlatho unakokoloka ndipo chipatala chinasowa mankhwala." Palibe bodza m'menemu, koma mwangondandalika zochitika zitatu. Liwu loti "ndipo" limangoonjezera, silinena chifukwa. Wowerenga akhoza kuganiza kuti amenewa ndi mavuto atatu osiyana amene anangogwa sabata imodzi, ndipo ngati ndi munthu woyenera kuchitapo kanthu, akayamba kufufuza amene sanaitanitse mankhwala m'malo moganiza za mlatho.

Ena, poona vutolo, amalumphira mbali ina: "Chipatala chinasowa mankhwala chifukwa cha mvula." Apa "chifukwa" alipo, chiganizo n'chachifupi, ndipo poyamba chimaoneka ngati chabwino. Kwa ine chimenechi n'choopsa kuposa choyamba chija. Mwalumikiza chiyambi ndi mapeto n'kuchotsa zonse zapakati, ndiye wowerenga amadzaza yekha mpatawo. Wina aganiza kuti denga linadontha mankhwala n'kunyowa. Wina aganiza kuti mvula inachulukitsa odwala mpaka mankhwala anatha. Onsewa akuyenda ndi nkhani imene inu simunalembe.

Ndiye chochotsa n'chiti? Chotsani chimene wowerenga angathe kuchibwezera yekha osaphonya. Mukanena kuti "madzi osefukira", aliyense adziwa kuti kunagwa mvula, choncho mvula ikhoza kuchoka. Mtsinje nawo ukhoza kuchoka, popeza mlatho ndi kuwoloka zikuunena kale. Koma galimoto yolephera kuwoloka singachoke, chifukwa palibe angailote. Ndi imene ikulumikiza mlatho ndi mankhwala. Chiganizo chathu chikhala chotere:

"Chipatala chinakhala masiku atatu chopanda mankhwala chifukwa galimoto yowabweretsa inalephera kuwoloka madzi osefukira atakokolola mlatho."

Taonani mmene mneni watithandizira. "Kukokoloka" kumangoti mlatho unapita, pamene "kukokolola" kumafuna kuti mutchule chimene chinaukokolola. Posankha mneni wachiwiriyo, mfundo imodzi yamangika popanda mlumikizi aliyense. N'chimodzimodzi ndi "kulephera" ndi "kulepheretsa", "kuchedwa" ndi "kuchedwetsa", "kugwa" ndi "kugwetsa". Pofupikitsa, aneni oterewa ndi abwenzi anu, chifukwa liwu limodzi limanyamula zimene zikanafuna mawu anayi.

Komabe samalani ndi "n'ku-". Kalumikizi kameneka kamatenga mwininkhani wa mneni woyamba. Mu "Mtsinje unasefukira n'kukokolola mlatho" zili bwino, poti wosefukira ndi wokokolola ndi mtsinje womwewo. Koma munthu wofulumira akhoza kulemba kuti "Mlatho unakokoloka n'kulephera kuwoloka", ndipo pamenepo wolephera kuwoloka wasanduka mlatho. Mwininkhani akasintha pakati pa chiganizo, mutchuleni.

Mwina mwaona kuti m'chiganizo chathu chabwino chija ndagwiritsa ntchito "atakokolola". Kwenikweni "-ta-" amanena za nthawi: ichi chitachitika, icho chinatsatira. Sanena chifukwa. Pamenepa wagwira ntchito kaamba koti mlatho ukachoka, kulephera kuwoloka n'kodziwikiratu. Pamene ubale wa zinthu ziwirizo suli woonekeratu chonchi, "-ta-" sakwanira, ndipo muyenera kulemba "chifukwa" poyera.

Palinso vuto la mbali inayo, loika chifukwa pamene panalibe. Tiyerekeze kuti zolemba zoyamba zikuti: "Mkulu watsopano anayamba ntchito mu Januwale. Mu Febuluwale antchito asanu anasiya ntchito." Ziganizo ziwirizi zangonena masiku. Mukaziphatikiza kuti "Antchito asanu anasiya ntchito chifukwa cha kubwera kwa mkulu watsopano", mwamuimba munthu mlandu umene zolembazo sizinamuimbe. Ngakhale "Mkulu watsopano atafika, antchito asanu anasiya ntchito" ali ndi kafungo komweko, chifukwa maganizo a munthu amathamangira kulumikiza zinthu zoyandikana. Ngati simukudziwa kuti zikukhudzana, sungani miyeziyo m'chiganizo, kapena zisiyeni zikhale ziganizo ziwiri. Kufupikitsa sikukupatsani ufulu wotsimikiza zimene mwini nkhani sanatsimikize. N'chifukwa chake mawu ngati "mwina", "akuti" ndi "zinathandizira" sayenera kutayidwa mwachisawawa. "Dalaivala akuti mlatho ndi umene unamuchedwetsa" ndi mawu a dalaivala. Mukachotsa "akuti", asanduka anu.

Kamodzi kakang'ono kamene kamavutitsa ngakhale akatswiri ndi mneni wokana wotsatana ndi "chifukwa". Werengani: "Sanasiye ntchito chifukwa cha malipiro." Kodi munthuyu akadali pantchito poti malipiro ndi abwino, kapena anasiya koma pa chifukwa china? Zonse ziwiri zikutheka. Ziganizo zikakhala zingapo, zoyandikana nazo zimamasulira, koma mukazichotsa chotsalacho chimaima chokha. Ngati akadali pantchito, yambani ndi chifukwacho: "Popeza malipiro ndi abwino, sanasiye ntchito." Ngati anasiya, lembani kuti "Anasiya ntchito, koma osati chifukwa cha malipiro."

Mukamaliza, yesani chiganizo chanu motere. Bisani zolemba zoyamba zija, mupatse mnzanu chiganizo chachifupicho, ndipo mumufunse kuti "chifukwa chiyani?" kuyambira pa chotsatira chomaliza kubwerera m'mbuyo. Chifukwa chiyani kunalibe mankhwala? Galimoto sinawoloke. Chifukwa chiyani sinawoloke? Mlatho unapita. Unapita bwanji? Madzi osefukira. Akayankha molingana ndi mndandanda umene munalemba pambali uja, chiganizo chili bwino. Pamene wakakamira, kapena wayankha za m'mutu mwake, ndi pamene pachoka liwu lofunika kubwezera. Ndipo mukaona kuti pakufunika "chifukwa" awiri kapena atatu m'chiganizo chimodzi kuti zonse zigwirane, musakakamize. Chigaweni pawiri, chachiwiricho chiyambe ndi "Motero" kapena "Choncho". Ndikukhulupirira kuti abwana anu alolera mpumiro umodzi woonjezerawo.