Siketi ikayamba kukana kutseka: zovala za ku ofesi muli ndi pathupi

"Zikomo achemwali. Ndili ndi pathupi pa miyezi inayi, ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku Limbe. Masiketi anga atatu ndi mathalauza awiri ayamba kukana kutseka m'chiuno, koma majekete awiri akundikwanabe. Ndalama ndikusungira za mwana, moti sindingagule zovala zambiri. Ndikuyembekezera kuchira mu Disembala. Nditani?"

Achemwali, choyamba musathamangire kugula zovala za saizi yaikulu. Pathupi pamakulitsa mimba, chifuwa ndi m'chiuno, koma mapewa ndi kutalika kwa mikono zimakhala momwemo. Mukagula malaya aakulu kuti mimba ikwane, mapewa ake amagwera m'mikono, munthu n'kumaoneka ngati wabwereka za mwini. Nchifukwa chake majekete anuwo ndi chuma. Muziwavala osamanga mabatani mpaka tsiku lotenga tchuthi. Malinga paphewa pakhala bwino, chovala chonse chimaoneka cha ku ofesi.

Vuto lili m'chiuno, ndiye tikhalitsepo pamenepo. Pakali pano thalauza mukhoza kuipusitsa ndi kalabala komangira tsitsi. Kapiseni pabowo la batani, mbali imodzi muilowetse mu inzake kuti kagwire, kenako yotsalayo muikolowetse kubatani. Mwapeza malo okwana inchesi imodzi kapena awiri. Pamwamba pake valani bulauzi yaitali yosapisira. Koma nzeru imeneyi ili ndi malire. Pofika masabata 20 chiberekero chimakhala chafika pamchombo, ndipo zipi imayamba kutsika yokha. Mukaona zimenezo, kapena mukavula madzulo n'kupeza mzere wofiira pamimba, nthawi ya kalabala yatha.

Apo ndiye pitani kwa telala ndi masiketi awiri ndi thalauza imodzi, makamaka zakuda kapena zabuluu wodera. Mumuuze asomole msoko wam'mbali zonse ziwiri, kuyambira palamba kutsika mainchesi 6, n'kuikapo kansalu kotamuka kofanana mtundu, kotambalala mainchesi atatu pamwamba n'kumka kakuchepa mmunsi. Mukatero m'chiuno mwawonjezeka mainchesi 6 nsaluyo isanatamuke n'komwe, ndipo bulauzi imabisa zonse. Chonde munenetse kuti asadule nsalu ya siketiyo, angosomola. Mukadzachira adzachotsa tinsaluto n'kubwezera msoko wakale. Siketi yachitatu ndi thalauza inayo zisiyeni, zidzakuthandizani chaka chamawa.

Zogula n'zochepa. Ine ndingayambe ndi kamisolo, chifukwa mabere amakula msanga kuposa mimba, ndipo yothina imapweteka tsiku lonse n'kuchititsanso kuti mabatani a bulauzi aziyasama. Gulani awiri opanda waya, okukwanani mukakola pa ngowe yothinitsa, kuti nthiti zikamatambasuka muzingosunthira ku ngowe zinazo. Mabulauzi amene akana pachifuwa musawataye: valani vesiti yaitali yotamuka m'kati, bulauziyo n'kuisiya yosamanga ngati kajekete kopepuka.

Kenako madiresi awiri. Ya kaunjika ikhale yotamuka, yamtundu umodzi. Inayo sokitsani yachitenje, ya Lachisanu ndi kutchalitchi komwe. Msoko wake ukhale pansi pa mabere, osati m'chiuno, ndipo kumbuyo kukhale timalamba tomanga kuti muzimasula pang'onopang'ono. Pali chinthu chimene matelala ambiri amaiwala: mimba imanyamula nsalu yakutsogolo. Diresi yofika m'mawondo lero, pofika Novembala idzakhala itakwera kutsogolo, kumbuyo ili pomwepo. Mumuuze atalikitse kutsogoloko ndi mainchesi awiri kapena atatu. Poyesa khalani pampando, muweramire kutsogolo monga muchitira padesiki. Ikakoka pamsana kapena kukwera pantchafu, ibwerere pamakina.

Ndi zimenezi sabata yakwana: masiketi awiri, thalauza, madiresi awiri, majekete n'kumasinthanitsa.

Kumbukiraninso kuti miyezi yanu yolemera ikugwera mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa lili phwee, ndipo woyembekezera amamva kutentha kuposa anzake. Nsalu za nayiloni ndi poliyesitala zimasunga thukuta n'kuyambitsa zotupatupa pansi pa mabere. Sankhani za thonje. Jekete muziisiya pampando ku ofesi, muziivala pamsonkhano pokha, osati m'minibasi. Ntchafu zikayamba kukhulana, kakabudula kathonje kotamuka pansi pa diresi kamathetsa vutolo.

Gogoda apume kaye. Mimba imakokera thupi kutsogolo, mfundo nazo zimafewa, ndiye kuterereka pamasitepe sikuchedwa. Pezani nsapato yachidendene chachifupi, chotambalala, yosafuna kuwerama pomanga, ndipo mukaiyese madzulo mapazi atatupa kale. Kutupa pang'ono kwa madzulo kumene kumaphwa mukagona n'kozolowereka. Koma mukatupa mwadzidzidzi nkhope ndi manja, mutu n'kumawawa kwambiri kapena m'maso kumachita chidima, imeneyo si nkhani ya nsapato ayi. Musadikire tsiku la sikelo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo akakuyezeni kuthamanga kwa magazi.