Ndakatulo ya mphindi ziwiri m'masekondi 45

"Ndine mlakatuli wa ku Chamama. Ndili ndi ndakatulo ya mizere 28 yonena za mayi anga ndi fodya wawo, imatenga mphindi ziwiri. Ndikufuna kanema woimirira wa masekondi 45 wa pa TikTok, koma ndikayesa ndimangothamanga nayo, zithunzi sizigwirizananso ndi mawu. Nditani? Mzere woyamba umati: Manja a mayi ada ndi utomoni wa fodya."

Achemwali, kamera muyambe mwaisiya. Vuto lanu lili m'masamu. Werengani maphatikizo a mzere mwanditumizirawu: alipo 15. Munthu wolakatula mosathamanga amatchula maphatikizo pafupifupi anayi pa sekondi, choncho mzerewu wokha ukudya masekondi anayi. Ngati inayo ndi yotalika chimodzimodzi, mizere 9 ikudya masekondi 36, ndipo masekondi 9 otsalawo ndi opumira. Mizere 28 singalowe, ngakhale mutalankhula ngati wogulitsa pa okushoni. Chichewa chathu chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, "foodya", ndipo kukokako ndi kumene kumayamba kufa munthu akathamanga. Kukafa, kwatsala kuwerenga chabe.

Ndiye sankhani mizere 9. Ndikudziwa kuti kudula ndakatulo ya mayi ako kumapweteka, koma musatole mzere apa, wina apo. Tengani gawo limodzi loima palokha, mwina la nyengo yosoka fodya, zina zonse zidzakhale kanema wachiwiri.

Kenako jambulani mawu okha. Lowani m'chipinda chomwe muli matiresi ndi zovala, chifukwa zimameza phokoso lobwerera kuchokera m'makoma, ndipo pewani masana pamene malata akuthetheka ndi dzuwa. Foni ikhale chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono, kuti "ph" wa "phiri" ndi "th" wa "thukuta" asawombe maikolofoni. Lakatulani katatu, musankhe kumene kwakukhudzani.

Mukaika mawuwo mu CapCut, pulogalamu ya pa foni yokonzera makanema, n'kusankha 9:16, womwe ndi muyeso wa kanema woimirira, muona kamzere koonetsa mawu anu kakutupa n'kuphwa. Pamene kaphwa ndi pamene munakoka mpweya. Chithunzi chizisintha pamenepo, osati pakati pa liwu, ndipo chizifika kanthawi kochepa kwambiri mawu a mzere watsopano asanayambe, ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Diso likayamba kuona, khutu limalandira mawu ngati yankho. Chithunzi chikachedwa, woonera amaona ngati foni yake yajama.

Pali chinthu china chimene ndimachiona kawirikawiri ndipo chimandiwawa: mlakatuli akati "mwezi" akuonetsa mwezi, akati "misozi" akuonetsa munthu akulira. Woonera wamva kale liwulo, mukumuuziranji kawiri? Mzere woyamba wokha muulole kuonetsa zomwe ukunena, kuti munthu adziwe komwe ali. Masekondi anayi oyambawo akhale manja a mayi pafupi kwambiri, akusoka masamba, opanda dzina lanu kapena mutu wa ndakatulo, poti munthu wa pa TikTok sadikira malonje. Kuyambira mzere wachiwiri, chithunzi chizinena zimene mawu abisa. Ngati mzere ukunena za fizi, musaonetse ndalama. Onetsani yunifolomu itayanikidwa pa chingwe pafupi ndi chigafa. Ngati ukunena za kutopa, onetsani mbale ya nsima yovundikira, mwini wake asanabwere kudzadya.

Mizere 9 ija igaweni itatuitatu. Gawo loyamba lifike cha pa sekondi 13, lili pa manja ndi masamba. Lachiwiri lifike cha pa 27, kamera itabwerera m'mbuyo kuti tione chigafa chonse ndi mayi ali m'kati. Kanema woimirira amakonda zinthu zazitali, ndiye fodya wolendewera kuchokera kudenga adzadzaza bwino chithunzi, pomwe munda wotambalala umaoneka kakang'ono. Zikatero khalani chete masekondi awiri athunthu pa chithunzi chosayenda. Nkhope yanu iyambe kuoneka m'gawo lachitatu, mukuyang'ana kamera, mpaka pa 42. Masekondi atatu omaliza tibwerere ku manja aja, dzina lanu lili pansi pake.

Chithunzi chilichonse muchijambule masekondi 8 ngakhale mufuna anayi, kuti mukhale ndi podula ndi Split, batani lodulira la mu CapCut. M'chigafa mumachita mdima, ndiye mayi akhale pakhomo, m'mawa dzuwa lisanakwere, kuwala kukuwagwera chapambali. Pukutani galasi la kamera, dinani pa sikirini pomwe pakuoneka manjawo osachotsa chala mpaka foni ikhazikike pamenepo.

Mawu a ndakatulo muwalembe nokha pa kanemayo, mzere umodzi pa chithunzi chimodzi, chapakati, chifukwa m'munsi ndi kumanja TikTok imaikako zolemba ndi mabatani ake. Musanatumize, tsitsani voliyumu yonse muonere kanemayo ali duu. Ngati mng'ono wanu angamuone choncho n'kunena kuti ndi nkhani ya mayi wogwirira ntchito mwana wa sukulu, zithunzi zagwira. Akati ndi kanema wa fodya, bwererani ku chingwe cha yunifolomu chija.