Mphindi imodzi pa tsiku: mmene mungadzijambulire mawu pophunzira Chizulu

"Ndakhala ku Joni kuno zaka 2. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg ndipo ndimakhala ku Yeoville. Chizulu ndimamva ndithu, koma munthu akandifunsa kanthu mutakisi pakamwa pamangouma, n'kuyankha m'Chingerezi. Mnzanga anandiuza kuti ndizidzijambula mawu pafoni tsiku lililonse. Ndinayesa masiku 4 n'kusiya, chifukwa ndinkasowa chonena komanso mawu anga ankandichititsa manyazi. Kodi amachita bwanji kuti zithandize?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Mnzanuyo anakuuzani zoona, koma anakuuzani theka lokha. Kujambula kumathandiza pokhapokha mukajambula kawiri chinthu chimodzimodzi, ndipo pakati pa maulendo awiriwo mwamvetsera n'kukonza cholakwika chimodzi. Mukangolankhula pafoni n'kusunga osamvetseranso, ndiye kuti mukungozika mizu ya zolakwika zomwe muli nazo kale.

Ndiyambe ndi nthawi ndi malo, chifukwa pamenepa ndi pomwe ambiri amagonjera. Kujambula kwenikweni ndi mphindi imodzi, koma zonse pamodzi zimatenga mphindi 10, osapitirira. Musanene kuti ndidzachita ndikapeza mpata, mpata wake ku Joni kuno supezeka. Imangirireni ntchitoyi ku chinthu chomwe mumachita kale madzulo alionse, monga mukateleka madzi a nsima. Madzi akamafunda, inu foni m'manja. Ngati m'chipinda mumakhala angapo ndipo mukuopa kusekedwa, tulukani pakhonde kapena lowani m'bafa. Ine ndinayambira m'bafa, nditakhala pa ndowa yovundikira, chifukwa ndi malo okhawo omwe anali ndi chitseko chotsekeka. Pa WhatsApp mungathe kudzitumizira uthenga pa nambala yanu yomwe, ndiye mavoyisi noti anu onse azikhala pamenepo motsatana, lililonse ndi tsiku lake.

Chonena musamachisake kutali. Funso la tsikulo likhale laling'ono, lokhudza zomwe manja anu agwira lero: mwadzuka nthawi yanji, mwagula chiyani, mwakwera chiyani, mawa mupita kuti. Musanadine kojambulira, ganizirani kwa mphindi imodzi, ndipo ngati mukufuna kulemba, lembani mawu osapitirira 5 ongokukumbutsani. Ziganizo zathunthu musalembe. Mukalemba zonse mudzakhala mukuwerenga, ndipo kuwerenga si kumene kukukuvutani. Chomwe chimakusowani mutakisi ndi kupeza mawu msanga munthu akukuyang'anani kumaso, choncho n'chimenecho chofunika kuchizolowetsa.

Kenako jambulani kwa masekondi 45 mpaka 60. Lamulo lake ndi limodzi: mukayamba musaime, ndipo musafute. Liwu likasowa, linenereni m'Chichewa n'kupitirira. Mawu a Chichewa omwe atsalira m'katimo ndi amtengo wapatali, chifukwa akukuwonetsani ndendende mawu a Chizulu omwe moyo wanu ukuwafuna. Mawa lake mumafunsa mnzanu kuti, "Yini ... ngesiZulu?" n'kumulozera chinthucho.

Tiyeni titenge chitsanzo cha tsiku longa lanu. Tinene kuti funso ndi lakuti, lero mwachita chiyani kuchokera m'mawa? Ulendo woyamba munthu wa kwathu amene wamva Chizulu kwa zaka ziwiri angalankhule chonchi:

"Namhlanje ngivukile ngo-5. Ngigibele itekisi eya edolobheni. Ngifikile emsebenzini ngo-7. Ntambama ngithengile isinkwa nobisi. Ngikhala eYeoville nodadewethu. Manje ngikhathele."

Mzulu aliyense amva kuti mwadzuka 5 koloko, mwakwera takisi yopita m'tauni, mwafika kuntchito 7 koloko, madzulo mwagula buledi ndi mkaka, ndipo tsopano mwatopa. Koma pa chiganizo chachisanu adabwa. Inu mumafuna kunena kuti mumakhala ku Yeoville ndi mchemwali wanu, pomwe mwanena kuti mumalira ku Yeoville ndi mchemwali wanu. Kukhala kwa Chichewa ndi ukuhlala m'Chizulu, ndipo ukukhala ndi kulira. Vuto limeneli ndalimva m'kamwa mwa Amalawi ambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Liwu la hl kwathu kulibe, ndiye lilime likafika pamenepo limathawira ku liwu lomwe lakhala likutchula chibadwire. Mukamalankhula simudzimva ngakhale pang'ono, chifukwa m'mutu mwanu mwanena zolondola. Foni yokha ndi yomwe imakubwezerani zomwe zatulukadi pakamwa.

Tsiku limenelo konzani chimenecho basi. Ikani nsonga ya lilime kuseri kwa mano a m'mwamba ngati mukufuna kunena l, musaichotsepo, kenako uzirani mpweya kuti utulukire m'mbali mwa lilime. Gwirani pakhosi ndi zala ziwiri. Ngati pakhosi pali zii, mwatchula hl. Ngati pakunjenjemera, mwatchula dl, ndipo ngidlala ndi ndimasewera, lomwenso si lomwe mumafuna. Ngati mukumva sh, ndiye kuti lilime lachoka pamalo pake ndipo mpweya ukudutsa pakati. Nenani hlala ka 10 pang'onopang'ono, kenako ngihlala eYeoville ka 5, ndiyeno jambulaninso nkhani yonse ija kuyambira pachiyambi. Muona kuti liwu lomwelo likubisala mu namhlanje, liwu loyambirira lenileni la nkhani yanu, ndipo lilinso mu kahle lomwe mumanena tsiku ndi tsiku potsanzikana.

M'nkhani ija muli cholakwika china chomwe chabwera katatu, koma chisiyeni kaye mpaka hl atakhazikika. Ndichitchule kuti mudzachizindikire nthawi yake ikakwana. M'Chizulu mneni amavala mawonekedwe awiri. Akaima kumapeto yekha amatalika: ngivukile, ngifikile, ngithengile. Akatsatiridwa ndi chinthu chomwe mukufuna kunenacho, monga nthawi kapena chomwe mwagula, amafupika: ngivuke ngo-5, ngifike emsebenzini ngo-7, ngithenge isinkwa. Zilinso chimodzimodzi ndi ka -ya- ka nthawi ino. Mumati ngiyafunda, koma ngifunda isiZulu. Ife timakamatira ka -ya- ndi ka -ile chifukwa mawu oyamba omwe tinaphunzira ndi ngiyabonga ndi ngiyaphila, ndiye timaganiza kuti mneni aliyense amayenda choncho. Lamuloli lili ndi timakhota take, mwachitsanzo mudzamva wina akunena kuti ngisithengile isinkwa, koma zimenezo zidzabwera zokha khutu likazolowera.

Chifukwa chomwe ndikuumirira pa cholakwika chimodzi n'chakuti munthu sangayang'anire zinthu zitatu pakamwa pake uku akusakanso mawu. Mukayesa kukonza hl, -ile ndi kamvekedwe nthawi imodzi, ulendo wachiwiri umatuluka woipa kuposa woyamba, wodzaza ndi eee ndi kubwerera m'mbuyo, ndipo mumagona mutakhumudwa. Posankha choyamba kukonza, tengani chomwe chimasintha tanthauzo. Zongomveketsa kuti ndinu mlendo zingathe kudikira.

Za manyazi aja, dziwani kuti si Chizulu chanu chomwe chikukunyansani. Mukamalankhula, mawu anu amakufikani kudzera mumpweya komanso m'mafupa a m'mutu, ndipo mafupawo amawakulitsa kuti amveke olemera. Foni imangotola a mumpweya okha, n'chifukwa chake amamveka opyapyala ngati a munthu wina. Jambulani ziganizo ziwiri m'Chichewa, mumva chilendo chomwecho. Anthu onse amene amakudziwani amamva mawu a pafoniwo, ndipo sanadabwepo nawo.

Mukamaliza ulendo wachiwiri, lembani mzere umodzi pansi pa voyisi notiyo: funso la lero, chomwe mwakonza, ndi liwu lomwe linasowa. Mwachitsanzo: "Za tsiku langa. Ndakonza hl. Ndasowa liwu la kusita." Kamzere kameneka ndi komwe kamasandutsa kujambula kukhala kaundula. Mawa musanayambe mumakawerenga, ndipo funso la mawalo mumalisankha kuti likukakamizeni kutchulanso zomwe munakonza dzulo. Tsiku likakudutsani chifukwa mwaweruka mochedwa kapena magetsi azima foni ilibe moto, musadzajambule ziwiri mawa lake pofuna kubweza ngongole. Pitirizani pomwe munasiyira.

Pali malire omwe muyenera kuwadziwa. Khutu lanu silingagwire cholakwika chomwe silikuchidziwa. Chizulu, ngati Chichewa, chimasiyanitsa mawu ena ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo zimenezi nokha simungazimve msanga. Chimodzimodzinso kusiyana kwa c, q ndi x, mawu othetheka lilime aja. Choncho kamodzi pa sabata tumizani ulendo wachiwiri wa tsiku limodzi kwa munthu amene anakula ndi Chizulu, kaya wa kutchalitchi kaya wogwira naye ntchito. Musamufunse kuti zili bwanji, chifukwa mwaulemu adzangoti zili bwino. Muuzeni kuti, "Ngicela ungilungise," ndipo mupempheni kuti chiganizo chomwe chamukhumudwitsa khutu achinene yekha pa voyisi noti, inu mumutsanzire. Sankhani munthu mmodzi n'kukhala naye. Chizulu cha mu Joni muno n'chosakanikirana ndi Chisutu, Chingerezi ndi zina, chosiyana pang'ono ndi cha ku KwaZulu-Natal, ndipo anzathu ambiri a ku Zimbabwe amalankhula Chindebele chomwe n'chapafupi kwambiri koma si chimodzimodzi. Mukamafunsa anthu atatu osiyana mudzalandira mayankho atatu.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, musadalire mmene mukumvera mumtima, popeza masiku ena mudzaona ngati mwabwerera m'mbuyo. Sungani voyisi noti ya tsiku loyamba. Pakatha masiku 30, yankhaninso funso lomwelo osamvetsera kaye yakaleyo. Kenako mvetserani zonse ziwiri cholembera chili m'manja, n'kuwerenga zinthu ziwiri: malo omwe munaima chete kupitirira masekondi 3, ndi mawu a Chichewa kapena Chingerezi omwe analowerera. Ngati manambala atsika, njira ikugwira. Ngati sanatsike, kawirikawiri chimakhala kuti mafunso ndi aakulu kwambiri kapena mukudumpha ulendo wachiwiri.

Komanso foni siyankha, siyikudulani pakamwa, ndipo siyifulumira ngati dalaivala wa takisi wa pa Bree kapena pa Noord nthawi ya m'mawa. N'chifukwa chake chiganizo chimodzi cha dzulo madzulo muzichitulutsa panja lero, kwa munthu weniweni, ngakhale chikhale chachifupi ngati "Malini?" kwa mayi wogulitsa tomato. Ndikudziwa kuti kwa ife alendo kutsegula pakamwa mutakisi si nkhani ya galamala yokha, nthawi zina mtima umagunda pa zifukwa zina. Yambirani pomwe muli omasuka, kwa anthu omwe amakudziwani kale nkhope.

Nali funso la madzulo ano. Yerekezani kuti mwakhala mutakisi, mayi wachikulire amene wakhala pambali panu wakupatsani moni n'kukufunsani kuti, "Uhlala kuphi, usebenza kuphi?" Muyankheni moniwo, muuzeni komwe mumakhala ndi amene mumakhala naye, komwe mumagwira ntchito, ndi nthawi yomwe mumadzuka. Potsiriza nenani kuti mukufuna kutsika, "Ngicela ukwehla," ndipo mumutsanzike. Inu otsika mumati sala kahle, kapena nisale kahle pomulemekeza. M'mawu amenewo hl abwera kosachepera katatu, ndiye mvetserani malo amenewo okha musanajambule kachiwiri.