Dzira la mphindi 6, la mphindi 8 ndi la mphindi 12: chimachitika n'chiyani m'kati mwa chigoba?

"Zikomo akuluakulu. Ine ndimakhala ku Dedza, ndimaphika pa mbaula. Mazira anga tsiku lina amatuluka amadzimadzi, tsiku lina chikasu chake chouma ngati ufa, m'mbali mwake mobiriwira. Pamenepa mphindi zake n'zingati kwenikweni kuti likhale lofewa, lapakati kapena lolimba? Nanga n'chiyani chimalimbitsa dzira, popeza zinthu zina zikatentha zimasungunuka?"

Mayi, tiyambire m'kati mwa dziralo, chifukwa mukamvetsa za m'katimo, mphindi zija simuvutika nazo kuloweza.

Choyera cha dzira pafupifupi chonse ndi madzi. Pa magawo 10, magawo 9 ndi madzi, gawo limodzi lokha ndiye mapuloteni. Puloteni iliyonse ili ngati ulusi wautali wokulungidwa bwinobwino kukhala kampira, ndipo timipira timeneti timangoyandama m'madzimo, kalikonse pakokha. N'chifukwa chake dzira laliwisi limayenderera komanso kuwala kumadutsa. Kutentha kukafika, timipira tija timagwedezeka mpaka kumasuka. Ulusi womasukawo umakolana ndi unzake, uwu kugwira uwo, mpaka kupanga ukonde wothina umene umatsekera madzi aja m'maso mwake. Madzi sanachoke ayi, angomangidwa. Ndiko kulimbako, ndipo ukondewo ndi umene umabweza kuwala, choyera n'kuyeradi mbee. Majarini amasungunuka pamoto n'kudzagwirananso akazizira chifukwa ndi mafuta. Ulusi wa dzira ukakolana, wakolana basi, ngakhale mutaliziziritsa bwanji silibwerera.

Tsono mapuloteni a m'dzira si a mtundu umodzi, ndipo samasuka pa kutentha kofanana. Apa ndiye pagona nkhani yonse. M'choyera muli ina yotchedwa ovotiransiferini, yomwe sichedwa kugonja: pa madigiri 62 yayamba kale kugwirana. Koma ndi yochepa, choncho ikagwirana yokha choyera chimangooneka ngati mkaka wa chambiko, choterereka pa supuni. Puloteni yochuluka ndi ovalibumini, yoposa theka la mapuloteni onse a m'choyera, ndipo iyoyo imalimbikira mpaka cha m'ma digiri 80. Ikagonja imeneyi m'pamene choyera chimaima pachokha moti n'kuchisenda. Chikasu chili ndi khalidwe lake. Chimayamba kukhuthala cha pa madigiri 65, pa 70 chagwirana, ndipo chikapitirira pamenepo chimayamba kuyezuka ndi kufumbutuka. Popeza gawo limodzi mwa magawo atatu a chikasu ndi mafuta, ukonde wake sugwirana ndii ngati wa choyera, umangopanga timibulu. Ufa umene mukuunenawu ndi timibulu timeneti titaumitsitsa.

Mwina mwaona kale chodabwitsa apa. Chikasu chimagwirana pa 70, choyera chimafuna 80, nanga zitheka bwanji kuti choyera chilimbe chikasu chikadali chamadzi? Yankho lake ndi lomwe lija la chinangwa chokazinga chimene chapsa kunja m'kati muli gwa. Kutentha kumalowera ku chigoba n'kumayenda pang'onopang'ono kupita pakati. Choyera chili kunja, chimalandira moto choyamba. Chikasu chabisala pakati, moto umachipeza mochedwa. Ndiye mphindi zomwe timawerenga zija kwenikweni tikuyeza kuti kutentha kwalowa mpaka pati.

Tiyeni tilitsatire dzira limodzi, la kukula kwa mazira a pa tileyi a m'golosale, a magalamu 55 mpaka 60, losachokera mufiriji, lomwe mwaliika m'madzi owira kale. Pa mphindi 3 kapena 4, choyera cha kuchigoba chayera, koma chapafupi ndi chikasu chikadali ngati mamina, pepani mawuwa, ndipo chikasu changofunda chabe. Dzira lotere silisendeka. Pa mphindi 5 mpaka 6, choyera chonse chagwirana ngakhale chili chanthete, ndipo chikasu chimayenderera mukachiboola. Limeneli ndiye lofewa, lodyera ndi supuni kapena kusunsira buledi. Pa mphindi 7 mpaka 8 mbali ya kunja ya chikasu yadutsa madigiri 70, yagwirana, koma pakati penipeni pakadali ponyowa, ponanda ngati chiponde, mtundu wake woderapo. Ndilo lapakati. Mukalidula ndi mpeni muona mizere iwiri, wotuwirako kunja, wowala m'kati, ndipo malire a mizereyo akukuonetsani pomwe kutentha kunafika pamene munaliphula. Kuyambira mphindi 10 mpaka 12 chikasu chonse chagwirana, mtundu wake wofanana paliponse, chofumbutuka koma chosatsamwitsa. Ndilo lolimba, loyenera kuika m'supu wa tomato kapena kulongeza paulendo.

Onani kuti pakati pa lofewa ndi lapakati pali mphindi imodzi kapena ziwiri zokha. Munthu akangopita kukatsegula chitseko, dzira lasintha dzina. Muzitchera wotchi ya pafoni, osayerekeza ndi maso.

Kusinthasintha kwa mazira ophika pa mbaula kawirikawiri gwero lake ndi limodzi: kuika mazira m'madzi ozizira, kuteleka, n'kuyamba kuwerenga madzi akawira. Makala akakhala oyaka bwino madzi amawira msanga. Akakhala akuyamba kumene kapena akuzilala, amatha kutenga nthawi yowirikiza. Nthawi yonse imeneyo dzira silikudikira kuwirako. Madzi akangodutsa madigiri 62 layamba kupsa, ndipo pa moto waulesi limakhala m'madzi a madigiri 70 ndi 80 kwa nthawi yaitali musanaone thovu ndi limodzi lomwe. "Mphindi zisanu madzi atawira" zimapereka dzira lofewa lero, mawa lolimba. Madzi owira kale alibe chinyengo chimenechi, chifukwa akawira kutentha kwake sikukweranso, kaya makala achuluke bwanji. Kukupiza mbaula kuti madzi azigaduka mwamphamvu sikupsetsa dzira msanga, kumangoligunditsa ku poto mpaka kusweka.

Ndiye chitani chonchi. Tengani poto wapakati, thiranimo malita awiri a madzi ngati mazira ali 6, kuti madzi apitirire mazirawo ndi chala chimodzi chopingasa kapena ziwiri. Madzi akachepa, mazira ozizira aja amawaziziritsa, kuwira n'kuleka kwa kanthawi, mawerengedwe anu n'kusokonekera. Akawira, tsitsani mazira limodzilimodzi ndi chipande, osawaponya, ndipo wotchi iyambe pomwepo. Vundikirani, madzi azingobwata pang'onopang'ono. Mukafuna kudziwa nthawi za poto wanu ndi mbaula yanu, yesani kamodzi: vuulani awiri pa mphindi 6, awiri pa 8, awiri otsalawo pa 12, muwadule muone.

Kwanuko pali kanthu kena koonjezera. Madzi amawira pa madigiri 100 m'malo otsika okha, ngati ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Mukamakwera, pa mamita 300 aliwonse amawira pa digiri imodzi yotsikirapo. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, choncho madzi anu amawira cha pa madigiri 95. Ku Lilongwe ndi pakati pa 96 ndi 97. Mapuloteni onse aja amapsabe, popeza ngakhale ovalibumini safuna 95, kungoti kutentha kumalowa mochedwerako. Onjezerani theka la mphindi pa dzira lofewa, mphindi yathunthu pa lolimba. Dzira lochokera mufiriji lionjezereni mphindi inanso. Mazira a nkhuku zachikuda, popeza ndi ang'onoang'ono, achotsereni pafupifupi mphindi imodzi. Mwachitsanzo, dzira lachikuda lomwe mukufuna lipse lapakati ku Dedza, losalowa mufiriji: yambirani pa mphindi 8, chotsani imodzi, onjezani theka, zikhala 7 ndi theka.

Kuphula sikuthetsa kupsa. Dzira lotuluka m'poto choyera chake chimakhala chotentha kwambiri, ndipo kutentha kumeneko kumapitirizabe ulendo wake wopita ku chikasu. Mukalisiya m'mbale, lomwe munaliphula lili lofewa mudzalipeza lapakati. Liponyeni m'beseni la madzi ozizira nthawi yomweyo. Ngati mulibe ayezi, madzi a mumtsuko akwanira, bola muwasinthe kawiri kapena katatu akayamba kufunda.

Za kubiriwira zija. Mapuloteni a m'choyera ali ndi sulufule, ndipo akatenthedwa nthawi yaitali amatulutsa mpweya wonunkha, womwe uja timauti fungo la dzira lowola. Chikasu chili ndi ayironi. Ziwirizi zikakumana pa malire a choyera ndi chikasu zimapanga mzere wobiriwira motuwa. Si poizoni, dziralo n'lodyeka, koma ndi chizindikiro choti lakhalitsa pamoto, kawirikawiri kupitirira mphindi 15, kapena lasiyidwa kuti lizizire lokha m'madzi otentha. Pofika pamenepo ukonde wa choyera uja wakhwimitsa, ukufinya madzi ake ngati nsalu yochapa, n'chifukwa chake chimatafunika ngati labala. Mazira ena ogulitsa m'madepoti a basi amakhala otere, mpaka kufuna mchere ndi tsabola wambiri kuti atsike pakhosi. Ogulitsawo sitingawanene kwambiri, chifukwa dzira lokhala tsiku lonse padzuwa kuli bwino lipsetsetse kusiyana n'kuti likhale lanthete. Koma la pakhomo palibe chifukwa cholizunzira chonchi.

Dzira likavuta kusenda, choyera n'kumachoka ndi chigoba, kawirikawiri vuto si mphindi. Ndi dzira loikiridwa kumene. Choyera cha dzira latsopano chimamatirira kwambiri ku kakhungu kopyapyala ka pansi pa chigoba. Likakhala sabata imodzi, mpweya wina umatuluka kudzera m'timabowo ta chigoba, choyera chimasintha, n'kusiya kumatirira. Kuliika m'madzi owira kale kumathandizanso, chifukwa choyera cha kunja chimagwirana mwadzidzidzi chisanapeze mpata womata kakhungu kaja. Yambirani kusenda kumbali yonenepa, komwe kuli kamphako ka mpweya. Ndipo lina likang'aluka m'poto musadandaule: supuni ya mchere kapena ya viniga m'madzimo imachititsa choyera chotulukacho kugwirana msanga n'kutseka mng'aluwo.

Dzira lofewa silili la aliyense. Pakati pa chikasu choyenderera sipanafike kutentha kopha tizilombo ta salimonela, tomwe timayambitsa kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Mayi woyembekezera, mwana wamng'ono, agogo, kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, apatseni la mphindi 10 kupita m'tsogolo, kwanuko 11 kapena 12. Lolimba losasenda limasungika mufiriji mpaka sabata imodzi. Lofewa ndi lapakati idyani pomwepo likadali lofunda.